Manambala anayi olembedwa papepala yuro isanagulidwe

Mu 2018, bungwe la ESMA, lomwe limayang'anira misika ya ndalama m'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya, lidaulula zomwe otsatsa foreksi sakonda kutchula. Mwa maakaunti 100 alionse a anthu wamba ochita malonda olosera kukwera ndi kutsika kwa mitengo, pakati pa 74 ndi 89 amathera poluza. Pepala ndi cholembera pazokha sizingamtulutse munthu m'gulu limeneli. Chomwe pepala limachita n'kumuuziratu kuti akalakwitsa ataya zingati, ndiponso kuti adziwa bwanji kuti walakwitsa.

Pali mtundu wa malonda womwe eni ake amautcha suwing'i: kugula ndalama ina pogwiritsa ntchito inzake, kuisunga masiku angapo kapena masabata awiri atatu, n'kudikira kuti mtengo uyende kamtunda. Munthu amagona malonda ali pamsika, amapita kuntchito ali pamsika. N'chifukwa chake zonse zimayenera kugamulidwa asanalowe, mtima usanayambe kuthamanga.

Tiyerekeze mayi wina yemwe ali ndi madola 2,000 mu akaunti ndipo akuyang'ana EUR/USD, kutanthauza mtengo wa yuro imodzi m'madola a ku Amerika. Manambalawa ndi ongoyerekezera, koma kawerengedwe kake ndi kenikeni. Pa tchati chake kandulo iliyonse ikuimira tsiku limodzi. Kwa masabata angapo yuro yakhala ikubwerera ikafika pakati pa 1.0780 ndi 1.0800, kenako yaboola malowo n'kukwera mpaka 1.0950, ndipo tsopano ikutsika pang'onopang'ono. Ganizo lake likukwana m'chiganizo chimodzi, ndipo ndilo loyamba kulembedwa: malo omwe ankatchinga yuro kukwera tsopano aitchinga kutsika, choncho ikawayandikira ikweranso.

Nambala yoyamba ndi polowera. Sakugula lero pa 1.0900. Akuika Buy Limit pa 1.0820, lamulo loti kompyuta imugulire mtengo ukatsika kufika pamenepo. Ukapanda kufika, palibe malonda, ndipo pepala likunena kuti sauthamangira.

Yachiwiri ndi sitopu, mtengo womwe kompyuta idzamutulutsa yokha zinthu zikavuta. Apa ndi pomwe ongoyamba kumene amasokoneza. Amayamba ndi kusankha kuchuluka kwa zomwe agule, kenako n'kuika sitopu pomwe thumba lawo lingapirire. Msika sudziwa thumba la munthu. Mayiyu akuyamba ndi tchati: potsika kwambiri pomwe yuro idafika isanayambe ulendo wokwerawu ndi 1.0740, ndiye sitopu akuiika kunsi kwake pang'ono, pa 1.0720. Kuchokera pa 1.0820 ndi mapipu 100, pipu kukhala kusuntha kwa 0.0001.

Tsopano m'pamene kukula kwa malonda kukudziwika. Lamulo lake n'loti asataye kuposa gawo limodzi mwa magawo 100 a akaunti pa malonda amodzi, omwe ndi madola 20. Akagawa madola 20 ndi mapipu 100, pipu iliyonse iyenera kukhala masenti 20. Pa EUR/USD, loti yathunthu ndi mayuro 100,000 ndipo pipu yake ndi madola 10, choncho masenti 20 ndi loti 0.02, mayuro 2,000 okha. Zikuoneka zonyozeka, makamaka poti kampani yomwe adatsegulako akaunti ingamulole kugula zochuluka kwambiri kuposa apa. Koma akadagula loti 0.20, sitopu yomweyo ikadamudyera madola 200 usiku umodzi.

Yachitatu ndi pokolola. Miyezi yapitayo yuro idabwerera pa 1.1040, ndiye akuika chandamale kunsi kwake, pa 1.1020: mapipu 200, madola 40. Pakompyuta zikulowa chonchi:

```
EUR/USD  Buy Limit 1.0820  Volume 0.02
Stop Loss 1.0720  Take Profit 1.1020
```

Kuika 20 pofuna 40 kuli ndi tanthauzo lake. Akaluza kawiri n'kupambana kamodzi, wabwerera pomwe adayambira, tisanawerengere zolipira. Zolipirazo zilipo: kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, komanso kachiwongoladzanja komwe kamachotsedwa kapena kuwonjezedwa usiku uliwonse, ndipo makampani ambiri amawerengera masiku atatu Lachitatu pofuna kukwirira mapeto a sabata.

Nambala yachinayi siilowa m'kompyuta konse, ndipo ndiyo ambiri alibe. Ndi malire pomwe ganizo lija lafa. Sitopu imateteza ndalama ku ngozi; malire awa amayankha funso lina: kodi chifukwa chomwe adalowera chikadalipo? Mayiyu adagula pokhulupirira kuti malo a 1.0780 mpaka 1.0800 agwira. Ndiye akulemba kuti kandulo ya tsiku ikatsekera kunsi kwa 1.0780, atuluka ndi dzanja lake, osadikira sitopu. Mawu ofunika apa ndi kutsekera. Masana mtengo ukhoza kusuzumira ku 1.0765 n'kubwerera, ndipo zimenezo si kanthu. N'chifukwa chake sitopu ili kutali. Tsiku la foreksi limatha 5 koloko madzulo ku New York, yomwe ku Malawi ndi ku Zambia ndi 11 koloko usiku, kapena 12 koloko m'miyezi yomwe ku Amerika kukuzizira. Ikatsekera pa 1.0770, wataya mapipu 50, madola 10, theka la zomwe adakonzekera.

Zimatheka ndithu kuti atuluke, m'mawa mwake yuro n'kukwera mpaka 1.1020 iye ali panja. Zimawawa. Koma wopanda malirewa amachita choipa kuposa apo: mtengo ukayandikira sitopu amaisunthira pa 1.0620, akudziuza kuti ubwerera. Pamenepo waika madola 40 pofuna 40, pa ganizo lomwe tchati chidalikana kale.

Ganizo limafanso ndi nthawi. Pepala la mayiyu likuti pakatha masiku 10 amalonda yuro isanadutse 1.0950, atseka, chifukwa adalowa poyembekezera kukwera, osati kuzungulira pamodzimodzi. Likutinso yuro ikafika 1.1020 iye asanagule, Buy Limit ija aifafaniza. Walembamonso masiku a nkhani zomwe zimagwedeza dola ndi yuro: lipoti la ntchito la ku Amerika, lomwe kawirikawiri limatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, ndi misonkhano ya chiwongoladzanja ya banki yaikulu ya Amerika ndi ya ku Ulaya, isanu ndi itatu pachaka iliyonse.

Ngakhale zili choncho, sitopu si lonjezo la mtengo. Imangolamula kuti agulitse pa mtengo woyamba kupezeka. Pa 15 Januwale 2015, banki yaikulu ya Switzerland idachotsa mwadzidzidzi malire a 1.20 omwe idaika mu 2011 pa mtengo wa yuro m'mafalanki. M'mphindi zochepa yuro idagwa kunsi kwa falanki imodzi, ogula adasowa, ndipo omwe adaika sitopu pa 1.19 adatulutsidwa kutali kwambiri. Ena adatsala ndi ngongole, ndipo kampani ya Alpari UK idagwa. Kachitsanzo kakang'ono ka zomwezi kamachitika msika ukatsekedwa Lachisanu usiku n'kutsegulidwa sabata yatsopano pa mtengo wina. Yuro itatsegukira pa 1.0670, mayi uja angataye mapipu 150, madola 30 m'malo mwa 20. Mzere womaliza wa pepala lake ukunena za zimenezi: sabata yomwe Lamulungu lake kuli chisankho m'dziko lalikulu logwiritsa ntchito yuro, monga France kapena Germany, atseka theka la malonda Lachisanu madzulo.