Chisoso Kapena Mwamunaaligone? Chithunzi cha Duwa Chokha Sichikwana

Mvula ikangogwa, chisoso ndi mwamunaaligone zimamera pamodzi m'mizere ya chimanga. Mayi wothyola ndiwo sangazisokoneze, koma katswiri wa zomera ku Zomba amene walandira chithunzi chimodzi pafoni akhoza kukayikira. Zonse ziwiri zili ndi timaluwa tachikasu pakati, toyera m'mbali, ndipo ojambula ambiri amathamangira duwalo poti ndilo lokongola, n'kusiya zotsalazo.

Wodziwa ntchitoyi amayamba ndi chomera chonse pamene chamera, kuti msinkhu ndi malo ake zioneke. Kenako amagwada n'kuloza kamera pamfundo, pamene tsamba lalumikizana ndi tsinde. Apa ndiye pagona nkhani. Masamba a zomera ziwirizi amakhala awiriawiri moyang'anizana, koma tsamba la chisoso limagawika patatu kapena pasanu, pomwe la mwamunaaligone ndi limodzi lathunthu. Munthu akajambula kachidutswa kamodzi kokha ka tsamba la chisoso, woona chithunzi amayesa kuti ndi tsamba lonse, ndipo dzina limaphonyeka pomwepo. N'chifukwa chake phesi la tsamba liyenera kuoneka mpaka pamene layambira. Tsambalo amalitembenuzanso, chifukwa mitsempha ndi ubweya zimaoneka bwino kunsi.

Tsinde nalo lili ndi zake. La chisoso lili ndi ngodya zinayi, zomwe zala zimamva msanga koma kamera imazibisa ngati kuwala kukuchokera kumbuyo kwa wojambula. Dzuwa likamaomba cham'mbali, ngodya iliyonse imapanga kamthunzi, n'kuonekera.

Duwa limafuna zithunzi ziwiri, china cha pamwamba, china cha m'mbali choonetsa timasamba tobiriwira tomwe talifungatira kunsi. Timasamba toyera ta duwa la mwamunaaligone, tomwe nthawi zambiri timakhala tisanu, tili ndi mano atatu kunsonga, koma duwa lonselo silikwana ngakhale sentimita imodzi. Kamtengo ka machesi koikidwa pambali pake kamasonyeza kuchepako. Dzuwa la masana limafafaniza mano amenewa moti pachithunzi pamangotsala choyera chopanda mzere, choncho m'mawa kapena tsiku la mitambo ndi bwino, apo ayi wojambula atchinge dzuwa ndi thupi lake.

Vuto lina ndi foni yomwe. Ikaona kanthu kowonda, imakonda kuonetsa bwino udzu wa kumbuyo n'kusiya duwa lili mbuu. Chikhatho kapena chikuto cha kope kumbuyo kwa duwa chimathetsa zimenezi, makamaka wojambula akagunda duwalo pagalasi la foni n'kudikira mphepo idekhe. Kuyandikitsa kwambiri sikuthandiza: mafoni ambiri amalephera pansi pa masentimita 10.

Chisoso china chimachita maluwa opanda timasamba toyera konse. Pamenepo zomwe zimaulula dzina ndi njere zake zakuda, zazitali, zokhala ndi timinga kunsonga, zija zimakanirira pachitenje munthu akamachokera kumunda. Njere imodzi pachikhatho, pafupi ndi kamtengo ka machesi kaja, imakwanira chithunzi chomaliza.