Maboma 28 pa Tchati Chimodzi: Mizati Kapena Madontho?

Tayesani kuika maboma onse 28 a m'Malawi pa tchati cha mizati yoimirira. Dzina ngati Chiradzulu limapendekeka, owerenga n'kumakhotetsa khosi. Choyamba, gonekani tchaticho: mayina akhale kumanzere, ondondozana kuyambira boma lotsogola mpaka lotsiriza.

Mukatero, musankha mizati yogona kapena madontho. Mzati umalankhula ndi kutalika kwake, choncho uyenera kuyambira pa 0. Tiyerekeze kuti ana okhoza mayeso m'maboma onse ali pakati pa 70 ndi 90 pa 100 aliwonse. Mizati yonse idzaoneka ngati yofanana, inki yokhayokha. Mukaidula kuti iyambire pa 60, boma la 90 lidzaoneka ngati laposa la 70 katatu. Limenelo ndi bodza, ndipo limandipweteka ndikaliona m'malipoti.

Dontho limalankhula ndi malo pamene lakhala, motero sikelo ikhoza kuyambira pa 60 popanda chinyengo, bola manambala alembedwe poyera. William Cleveland, amene analimbikitsa njirayi m'ma 1980, ankajambula kamzere kofowoka kolondolera diso kuchoka pa dzina kukafika pa dontho. Mizati isungireni zowerenga monga chiwerengero cha anthu, pamene Lilongwe imaposa Likoma kutalitali.