Alimi awiri a dzina limodzi, kompyuta yafufuta mmodzi

Mu pulogalamu ya Excel muli batani lomwe alembi a m'maofesi amalikonda chifukwa limapepula ntchito. Lili pansi pa Data, dzina lake ndi Remove Duplicates, ndipo lakhalapo kuyambira mu Excel 2007. Ntchito yake ndi kuchotsa mizere yomwe yalembedwa kawiri. Koma batanili silidziwa munthu. Limangoyerekeza zomwe mwaliuza kuti liyerekeze, ndipo mukaliuza kuti liyang'ane kolamu imodzi yokha, limafufuta ndi mizere yomwe sinalakwe kanthu.

Tiyerekeze kuti mlembi wa kopaletivi ya alimi akukonza ndandanda ya omwe agulitsa soya, kuti alipidwe. Wakopera za m'malisiti, ndipo pakompyuta pali izi:

```
Nambala  Dzina           Tsiku    Makilo
14       Chikondi Banda  3 Meyi   200
27       Mphatso Phiri   3 Meyi   150
31       Chikondi Banda  4 Meyi   350
27       Mphatso Phiri   10 Meyi  100
40       Tadala Mwale    10 Meyi  250
40       Tadala Mwale    10 Meyi  250
```

Makilo onse pamodzi ndi 1,300. Mlembiyo akudziwa kuti lisiti limodzi analilemba kawiri, la a Tadala Mwale, choncho makilo enieni ndi 1,050. A Chikondi Banda alipo awiri, wina nambala 14 wina nambala 31, zomwe si zachilendo kwathu kuno komwe a Banda ndi a Phiri ali m'mudzi uliwonse. A Mphatso Phiri ndi munthu mmodzi yemwe anabweretsa soya maulendo awiri.

Akadina Remove Duplicates, pamatuluka kabokosi kosonyeza makolamu onse anayi, iliyonse ili yochongedwa kale. Apa ndi pomwe ambiri amasocherera. Mlembi amaganiza kuti, popeza chomwe chikuoneka kawiri ndi dzina, angochonga Dzina basi. Amadina Unselect All, n'kuchonga Dzina, kenako OK. M'maganizo mwake akuuza kompyuta pomwe iyambire kufufuza. Koma kompyuta yamva zina: kuti mizere iliyonse yofanana dzina ndi mzere umodzi, ngakhale nambala, tsiku ndi makilo zitasiyana. Imasunga mzere woyamba kuchokera pamwamba, n'kufufuta ina yonse yathunthu, kuphatikizapo makolamu omwe sanachongedwe.

Zotsatira zake, patsala mizere itatu ndi makilo 600. Lisiti lobwereza la a Mwale lachoka, monga zimafunikira. Koma a Chikondi Banda a nambala 31 asoweratu m'ndandanda ndi makilo awo 350, ndipo ulendo wachiwiri wa a Phiri, wa makilo 100, wapita nawo. Soya wokwana makilo 450 ali m'nyumba yosungira katundu, koma eni ake mulibe pa pepala la malipiro. Ndipo Excel sinayeze kuti mzere woona ndi uti. A Banda a nambala 14 apulumuka chifukwa chongokhala pamwamba. Ndandanda ikanasanjidwa mwina, akanafufutidwa ndi iwowo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti pakompyuta sipaoneka chenjezo lililonse. Pamangotuluka kauthenga konena chiwerengero cha zomwe zachotsedwa ndi zomwe zatsala, ndipo munthu wofulumira amadina OK osawerenga. Komatu kauthengako ndiye mboni yoyamba. Mlembi uja amayembekezera kuti pachoka mzere umodzi, pomwe kauthenga kakunena itatu. Pomwepo akadina Ctrl+Z, zonse zimabwerera. Akasunga fayilo n'kuitseka, mwayiwo watha, pokhapokha ngati ali ndi kope ina. Pa mizere isanu ndi umodzi diso limaona lokha, koma pa ndandanda ya alimi mazanamazana vuto limadzadziwika tsiku lolipira, mlimi ataima pamzere ndi lisiti m'manja.

Palinso kulakwitsa kwina kofanana nako, komwe n'kobisika kwambiri. Munthu amasankha kolamu ya maina yokha papepalapo asanadine batani. Excel imafunsa ngati ifutukule kuti itenge ndi makolamu oyandikana, Expand the selection, kapena ipitirire ndi yomwe yasankhidwayo, Continue with the current selection. Akasankha yachiwiriyi, maina okha ndi omwe amachotsedwa, ndipo otsala amakwera m'mwamba kutseka mipata pomwe manambala, masiku ndi makilo zili pomwe zinali. M'ndandanda yathu ija, dzina la a Tadala Mwale limakwera kufika pa mzere wa nambala 31, n'kulandira makilo 350 a eni ake, ndipo mizere itatu yam'munsi imatsala yopanda maina. Makilo onse akadali 1,300, moti wowerengera ndalama saona kusintha. Chizindikiro chake ndi kolamu imodzi yomwe yafupika kuposa inzake.

Nanga mlembi akanachonga chiyani? Akanasiya makolamu onse anayi ali ochongedwa, pakanachoka mzere umodzi wokha, n'kutsala isanu ndi makilo 1,050. Koma nayonso si njira yodalirika nthawi zonse. Excel imayerekeza zilembo, kotero dzina lomwe lili ndi kampata kumapeto, kapena lolembedwa Mwale pena Mwali, imaliona ngati la munthu wina, ndipo mzere wobwereza umatsala. Komanso mlimi akhoza kubweretsa matumba asanu a makilo 50 m'mawa, asanu ena madzulo. Mizere iwiriyo idzafanana paliponse, chonsecho yonse ndi yoona. Funso loyenera kudzifunsa musanachonge ndi lakuti, n'chiyani chomwe sichingafanane pa malonda awiri osiyana? Dzina limafanana, nambala ya membala imabwerezedwa akagulitsanso, koma nambala ya lisiti siibwera kawiri. Ndandanda ikakhala ndi kolamu ya nambala ya lisiti, kuchonga kolamu imodzi imeneyo n'koyenera. Ikasowa, ine ndimaona kuti ndi bwino kuiwonjezera kaye.

Ndimalimbikitsanso kuona mizere yokayikitsa isanafufutidwe. Koperani kaye pepala lonse, mulembe penapake kuchuluka kwa mizere ndi makilo. Kenako mu kolamu yachisanu, pa mzere wachiwiri, lembani izi ndi kukokera mpaka pansi:

```
=COUNTIFS($A$2:A2,A2,$C$2:C2,C2,$D$2:D2,D2)
```

Apa kompyuta ikuwerenga kuti nambala ya membala, tsiku ndi makilo zaoneka kangati pamodzi kuchokera pamwamba kufika pa mzerewo. Mzere womwe waoneka koyamba umalandira 1, wobwereza umalandira 2 kapena kuposa. Palibe chomwe chafufutidwa. M'ndandanda yathu, 2 atuluka pa mzere womaliza wokha, wa a Mwale. Mlembi atsegule buku la malisiti a pa 10 Meyi: akapeza lisiti limodzi la makilo 250, afufute mzerewo, akapeza awiri, ausiye, ndipo a Mwale alipidwe makilo 500.