Chithunzi Chopangidwa ndi Kompyuta: Kodi Chilowe M'pepala la Digiri?

Mu Febuluwale 2024, magazini ya asayansi ya Frontiers in Cell and Developmental Biology inatulutsa nkhani yokhala ndi chithunzi cha khoswe wa ziwalo zoberekera zazikulu modabwitsa. Olembawo anachita kunena poyera kuti anachipanga ndi pulogalamu ya Midjourney. Mawu olozera ziwalozo anali opanda tanthauzo m'chinenero chilichonse, ndipo patangopita masiku ochepa nkhaniyo inachotsedwa. Aphunzitsi a kuyunivesite amene anaona manyazi amenewo sayankha mopupuluma wophunzira akawafunsa za zithunzi zoterezi.

Titenge wophunzira za ulimi amene akufufuza za mbozi yodya chimanga ija inapezeka mu Afirika mu 2016. Zithunzi zomwe anajambula kumunda ndi foni sizikuoneka bwino, ndiye wapangitsa china pakompyuta. Akangolemba kuti "kodi zithunzi zapakompyuta n'zololedwa?", mphunzitsi alibe poyambira. Uthenga wothandiza umamveka chonchi: "Adokotala, pepani ndakusokonezani. M'mutu wachiwiri ndaikamo chithunzi chosonyeza kakulidwe ka mbozi, kuyambira dzira mpaka gulugufe. Ndachipanga ndi Midjourney, ndipo mawu omwe ndinailembera ndawasunga. Si umboni wa zomwe ndapeza kumunda. Kodi malamulo a dipatimenti akulola, nanga ndilembe chiyani pansi pake?"

Yankho lagona pa ntchito ya chithunzicho. Ngati chikuimira zomwe wophunzira anaona ndi maso, monga masamba obooka a m'munda womwe anayeza, chopanga sichingalowe m'malo mwake. Kumeneko n'kupeka umboni, ndipo ndi mlandu wofanana ndi kupeka manambala. Ngakhale chitaoneka mbuu, chithunzi cha foni chija ndicho choyenera pamenepo.

Chongothandiza kufotokoza chikhoza kuloledwa, koma nachonso chili ndi msampha. Pulogalamuyi siidziwa mbozi. Imangosakaniza maonekedwe a zithunzi zambirimbiri zomwe inaphunzitsidwa nazo. Mbozi yeniyeniyo ili ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu, komanso madontho anayi akuda oima pangodya zinayi chakumchira. Chithunzi chosalala bwino koma chopanda zizindikirozi chikuonetsa chilombo china, ndipo woyesa wodziwa za tizilombo adzachigwira msanga.

Aphunzitsi amaganiziranso za mawa. Pepala labwino limadzatumizidwa kwa osindikiza, ndipo mu 2024 Springer Nature ndi Elsevier kawirikawiri sankalandira zithunzi zopangidwa motere. Elsevier inkalola pokhapokha ngati pulogalamuyo inali mbali ya njira ya kafukufukuyo, ndipo inkafuna kuti wolemba atchule dzina lake, mtundu wake ndi mmene anaigwiritsira ntchito. N'chifukwa chake mphunzitsi angauze wophunzira uja kuti ajambule yekha kakulidwe ka mboziyo, kapena apemphe chilolezo chogwiritsa ntchito chithunzi cha m'buku lodalirika. Akamulola kusunga chapakompyutacho, chilolezocho chikhale cholembedwa, chifukwa malamulo amasiyana yunivesite ndi yunivesite, ndipo woyesa wochokera kwina angadzachifunse.