Mapu obisa anthu

Tiyerekeze mapu a maboma a Malawi opakidwa utoto potengera kuchuluka kwa anthu pa kilomita. Blantyre ndi Likoma ndi othithikana, pamene Chitipa, Rumphi ndi maboma ena ambiri anthu amakhala motalikirana. Mukagawa manambalawo m'magulu asanu otalika mofanana, maboma ambiri amagwera gulu loyamba, mapu n'kuoneka mbuu! Woona amaganiza kuti dziko lonse n'lofanana, zomwe ndi bodza loopsa.

Ine ndimakonda malire omakula mowirikiza: 50, 100, 200, 400. Pamenepo Mzimba amasiyana ndi Thyolo. Sankhani mtundu umodzi, woyera pochepa, wodera pochuluka, ndipo malirewo alembedwe poyera. Ofiira ndi obiriwira musaphatikize, maso ena sawasiyanitsa.