Pamene 3 kuchulukitsa ndi 4 ikupereka ziro

Ku pulayimale tinaloweza lamulo loti ukachulukitsa nambala ziwiri n'kupeza ziro, ndiye kuti imodzi mwa izo inali ziro. Lamuloli ndi loona, koma limathera pa nambala zoyenda chamtsogolo osabwerera. Pa wotchi yapakhoma silipambana. Ikani muvi pa 12, muusunthe maola atatu, kenako atatu ena, mpaka kanayi. Muvi wabwerera pa 12, ngati simunaukhudze. Pa wotchi 12 ndiye ziro, choncho 3 kuchulukitsa ndi 4 yapereka ziro, chikhalirecho 3 si ziro ndipo 4 si ziro.

Kuwerenga kozungulira kotereku akatswiri a masamu amakutcha modulo. Munthu amasankha nambala imodzi, tiyitche n, ndipo yankho lililonse amaligawa ndi n n'kusunga chotsala chokha. Pa modulo 12, 20 ndi 8, 25 ndi 1, 36 ndi 0. Amene anakonza bwino kalembedwe kake ndi Carl Friedrich Gauss wa ku Jeremani, m'buku lake la Disquisitiones Arithmeticae la mu 1801, ngakhale aliyense wowerenga maola kapena masiku a sabata anali kuchita zomwezi kalekale.

M'bwalo lozungulira lotereli, nambala zonse kupatula ziro zimagawanika pawiri. Zina zili ngati 3 ndi 4, zili ndi mnzake amene ukazichulukitsa naye zimagwera pa ziro. Izi amazitcha ziro divaiza. Zina zili ndi mnzake amene amazifikitsa pa 1, ndipo izi ndi mayuniti. Pa wotchi, 5 kuchulukitsa ndi 5 ndi 25, ndiye kuti 1, choncho 5 ndi yuniti. Palibe nambala yokhala mbali zonse ziwiri, ndipo palibe yosowa mbali.

Chifukwa chake chimaoneka bwino mukayenda pa wotchipo ndi chala. Yambirani pa 12 muzilumpha maola asanu nthawi iliyonse. Mutera pa 5, 10, 3, 8, 1, 6, 11, 4, 9, 2, 7, kenako 12. Mwalowa khomo lililonse la m'mudzimo musanabwerere kwanu, ndipo pakulumpha kwachisanu munafika pa 1. Tsopano lumphani maola asanu ndi atatu: 8, 4, 12, mwafika kale. Ulendo wachiwiri udzakhala womwewo, 8, 4, 12, mpaka kalekale, ndipo pa 1 simudzapondapo. Kulumpha kuli choncho, kapena mubwerera pa ziro msanga, kapena muchedwa mpaka mutamaliza makomo onse, ndipo wolowa makomo onse sangalephere kulowa la 1. Wobwerera msanga ndiye ziro divaiza, womaliza mudzi wonse ndiye yuniti.

Nanga 8 yabwereranji msanga? Chifukwa 8 ndi 12 onse amagawika ndi 4. Kaya mulumphe kangati, kaya muzungulire kangati, malo onse amene muterapo adzakhala ogawika ndi 4. Koma 5 ndi 12 alibe chibale, palibe nambala yoposa 1 yogawa onse awiri. Nkhani yonse yagona pamenepa. Tengani nambala yanu ndi n, mupeze nambala yaikulu kwambiri yogawa zonse ziwiri popanda chotsala, ija ana asukulu amati HCF. Ikakhala 1, nambala yanu ndi yuniti. Ikaposa 1, ndi ziro divaiza. Pa wotchi mayuniti ndi anayi okha, 1, 5, 7 ndi 11. Zotsalazo, 2, 3, 4, 6, 8, 9 ndi 10, ndi ma ziro divaiza.

Ambiri amapunthwa pa dzinali. Amamva mawu onena za kugawa n'kuganiza kuti ziro divaiza iyenera kugawa n, ndiye amalemba 2, 3, 4 ndi 6 basi. Koma 9 sigawa 12, komabe 9 kuchulukitsa ndi 4 ndi 36, yomwe ndi ziro. Chofunika n'chibale chabe, osati kuti ina ilowe mwa inzake yonse. Za ziro mwini wake, mabuku amasiyana: ena amamuwerengera m'gululi, ambiri amamuika padera. Ine ndamuika padera.

Kusiyanitsa magulu awiriwa kumathandiza pamene munthu akufuna kugawa. Tinazolowera kuti nambala ikaoneka mbali zonse ziwiri timangoifafaniza. Yesani pa wotchi. 4 kuchulukitsa ndi 2 ndi 8, ndipo 4 kuchulukitsa ndi 5 ndi 20, yomwenso ndi 8. Mukafafaniza 4 mutsala ndi bodza loti 2 ndi 5 n'chimodzimodzi. Funso loti 4 tiyichulukitse ndi chiyani kuti tipeze 8 lili ndi mayankho anayi, 2, 5, 8 ndi 11, pamene loti tipeze 5 lilibe yankho ndi limodzi lomwe. Yuniti ilibe chinyengo chimenechi. Funso lililonse lotere limakhala ndi yankho limodzi ndendende, ndipo mumalipeza pochulukitsa ndi mnzake uja woifikitsa pa 1. Kugawa m'bwalo lozungulira n'kumeneku, ndipo n'kololedwa ndi mayuniti okha.

Pa 12 chala chimakwanira. Tiyeni titenge bwalo la 391, limene palibe angafune kulizungulira ndi chala, ndipo tifunse za 102. Njira yachidule ndi yakale kwambiri, ili m'buku lachisanu ndi chiwiri la Euclid, wa ku Alexandria, amene analemba zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Gawani yaikulu ndi yaing'ono, musunge chotsala. Kenako gawani yaing'ono ija ndi chotsalacho, n'kumapitiriza choncho mpaka chotsala chikhale ziro.

391 = 3 × 102 + 85
102 = 1 × 85 + 17
85 = 5 × 17 + 0

Chotsala chomaliza ziro asanafike ndi 17, ndipo imeneyo ndiye HCF. Mizere itatu yokha yatiuza kuti 102 ndi ziro divaiza. Yatipatsanso mnzake kwaulere: gawani 391 ndi 17, mupeza 23. Kuchulukitsa 102 ndi 23 kukupereka 2346, yomwe ndi 391 kasanu n'kamodzi popanda chotsala. Taonaninso kuti tatulukira zoti 391 ndi 17 kuchulukitsa ndi 23, zimene sitinkazifunafuna n'komwe.

Tsopano 100, m'bwalo lomwelo.

391 = 3 × 100 + 91
100 = 1 × 91 + 9
91 = 10 × 9 + 1

Tafika pa 1, ndiye 100 ndi yuniti. Kuti tipeze mnzake timabwerera m'mapazi momwe tadzera, kuyambira mzere wapansi. Mzere umenewo ukuti 1 ndi 91 kuchotsa ma 9 khumi. Koma mzere wapakati ukuti 9 ndi 100 kuchotsa 91. Tikalowetsa zimenezi, 1 akukhala ma 91 okwana 11 kuchotsa ma 100 okwana 10. Mzere wapamwamba ukuti 91 ndi 391 kuchotsa ma 100 atatu, ndipo tikalowetsanso tikupeza izi:

1 = 11 × 391 − 43 × 100

M'bwalo lathu 391 ndi ziro, ngakhale akhale 11, choncho mbali imeneyo ikufufutika. Chatsala n'choti kulumpha 100 chambuyo ka 43 kukutifikitsa pa 1. Kubwerera m'mbuyo ndi 43 n'chimodzimodzi kupita patsogolo ndi 348, chifukwa 391 kuchotsa 43 ndi 348. Apa ndi pamene zolakwa zambiri zimachitikira, munthu amaiwala chizindikiro chochotsa n'kulemba 43. N'chifukwa chake yankho liyenera kuyesedwa, ndipo kuyesako sikutenga mphindi. 100 kuchulukitsa ndi 348 ndi 34800, pamene 391 kuchulukitsa ndi 89 ndi 34799. Chotsala ndi 1, yankho lakhoza. Mukanalemba 43 mukanapeza chotsala 390, chomwe ndi 1 wa chambuyo, umboni woti chasokonekera n'chizindikiro chokha.

Njirayi ndi yachangu modabwitsa. Gabriel Lamé wa ku Falansa anatsimikiza mu 1844 kuti mizere yogawayi singapose kasanu kuchuluka kwa madijiti a nambala yaing'onoyo. Nambala ya madijiti atatu singafune mizere yoposa 15. Amene ali ndi kompyuta angalembe izi mu Python 3.8 kapena yatsopano:

```python
from math import gcd
gcd(102, 391)      # 17
pow(100, -1, 391)  # 348
```

Mukaipatsa 102 m'malo mwa 100 pa mzere womalizawo, imakana ndi `ValueError`, ndipo kukanako n'kolondola.

Kuwerenga mayuniti onse a m'bwalo ndi ntchito ina, ndipo imafuna kuti mudziwe mapulayimu opanga n, nambala zija zosagawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi izo zomwe. Pa 391 ndi 17 ndi 23. Pansi pa 391 pali nambala 22 zogawika ndi 17 ndi zina 16 zogawika ndi 23, zonse pamodzi ma ziro divaiza 38. Chotsani 38 ndi ziro mwini pa 391, mutsala ndi mayuniti 352, yomwenso ndi 16 kuchulukitsa ndi 22. Kuwerenga kumeneku kumadziwika ndi dzina la Leonhard Euler. Malire ake ndi oti n ikakhala ya madijiti mazanamazana, kuyesa nambala imodzi ndi njira ya Euclid kumakhalabe kwa kanthawi, koma kupeza mapulayimu ake kumagonjetsa makompyuta. Njira yobisira mauthenga ya RSA, ya mu 1977, imadalira kusiyana kumeneku. Ndipo n ikakhala pulayimu yokha, monga 7 kapena 11, palibe nambala yokhala nayo chibale, ndiye zonse ndi mayuniti ndipo lamulo la ku pulayimale lija limabwerera.

Mukagula sopo kapena shuga m'sitolo, yang'anani madijiti 13 a pansi pa timizere takuda. Makina amawachulukitsa ndi 1, 3, 1, 3 mosinthanasinthana, n'kuwonkhetsa, ndipo yankho liyenera kukhala ziro pa modulo 10. Anasankha 3 mwadala, chifukwa pa 10 ndi yuniti, choncho dijiti imodzi ikalakwika yankho silingakhalebe momwe linalili. Akanasankha 5, kulemba 4 m'malo mwa 2 kukanadutsa osaoneka, poti 20 ndi 10 onse ndi ziro.

Komabe ziro divaiza inapeza polowera. Wogulitsa akatembenuza madijiti awiri oyandikana polemba pamanja, yankho limasintha ndi kusiyana kwa madijitiwo kuchulukitsa ndi 2, poti 3 kuchotsa 1 ndi 2. Ndipo pa 10, mnzake wa 2 ndi 5. Kulemba 71 m'malo mwa 17 kumagwidwa, chifukwa 22 wasanduka 10. Kulemba 61 m'malo mwa 16 kumasandutsa 19 kukhala 9, chotsala sichisintha, makina amavomera. Manambala akale a mabuku, ISBN ya madijiti khumi, ankagwiritsa ntchito 11, ndipo kutembenuza kulikonse kotere kunkagwidwa. Mtengo wake unali woti dijiti yoyesera nthawi zina inkayenera kukhala 10, yomwe sikwana pamalo amodzi, ndiye ankalemba X. Kuyambira mu 2007 mabuku anasamukira ku madijiti 13 ndi modulo 10, X anachoka, ndipo 16 ndi 61 zinayamba kudutsa limodzi.