Nambala ya tsiku lobadwa ndi nambala ya umunthu mu nyumeroloji

Nyumeroloji ndi chikhulupiriro chakuti manambala opezeka m'deti lobadwa ndi m'dzina la munthu amaulula khalidwe lake ndi tsogolo lake. Otsatira ake amati chinayamba ndi Pythagoras wa ku Girisi, koma kawerengedwe kofala lero kanakhazikika ku America kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, makamaka kudzera m'mabuku a L. Dow Balliett. Palibe umboni wa sayansi wotsimikiza kuti manambalawa amalosera kanthu. Atatu mwa manambalawa amasokonezedwa kawirikawiri, pomwe lililonse lili ndi gwero lakelake.

Nambala ya njira ya moyo

Nambala iyi imachokera m'deti lonse: tsiku, mwezi ndi chaka. Chilichonse chimaphatikizidwa mpaka kutsala nambala imodzi, kuyambira 1 mpaka 9, kupatula 11, 22 ndi 33 amene ambiri amawasiya osawaphwanya. Mwachitsanzo, Bingu wa Mutharika anabadwa pa 24 Febuluwale 1934 m'boma la Thyolo. Tsiku lake limapereka 2 + 4 = 6, mwezi ndi 2, ndipo chaka chimapereka 1 + 9 + 3 + 4 = 17, kenaka 1 + 7 = 8. Pophatikiza 6 + 2 + 8 timapeza 16, ndiye kuti 7. Okhulupirira amati iyi ndiyo nambala yaikulu, yonena za ulendo wonse wa munthu, ndipo 7 amaitcha nambala ya munthu wofufuza ndi woganiza mozama.

Nambala ya tsiku lobadwa

Apa mwezi ndi chaka sizilowamo. Amangotenga tsiku la pamwezi, kuyambira 1 mpaka 31. Ena amalisiya momwemo, ena amaliphwanya, kotero la Bingu ndi 24 kapena 6. Akuti limasonyeza luso limodzi limene munthu anabadwa nalo, osati moyo wake wonse, ndipo 6 amaigwirizanitsa ndi kusamala banja. Aliyense wobadwa pa 24 mwezi uliwonse ali ndi nambala yomweyi, ngakhale njira zawo za moyo zitasiyana.

Nambala ya umunthu

Nambala iyi sichokera pa kalendala ayi, imachokera m'dzina. Amawerenga makonsonanti okha, kusiya mavawelo a, e, i, o, u, ndipo akuti imasonyeza mmene anthu ena amamuonera munthu akangokumana naye. Zilembo zimapatsidwa manambala motsatana: A mpaka I ndi 1 mpaka 9, J mpaka R ndi 1 mpaka 9 kachiwiri, ndipo S mpaka Z ndi 1 mpaka 8.

M'dzina lakuti Bingu, B, N ndi G zimapereka 2 + 5 + 7 = 14. W wa m'mawu akuti "wa" ndi 5. Mu Mutharika, M, T, H, R ndi K zimapereka 4 + 2 + 8 + 9 + 2 = 25. Zonse pamodzi ndi 44, ndiye kuti 8, nambala imene amati ndi ya ulamuliro ndi chuma.

Koma lamulo la owerenga ambiri ndi lakuti atenge dzina lonse lobadwa nalo, ndipo Bingu anabadwa ali Brightson Webster Ryson Thom. Makonsonanti a maina anayiwa amapereka 34, 19, 15 ndi 14, zonse pamodzi 82, zimene zimatsikira pa 10 kenaka pa 1. Apa Y wa mu Ryson watengedwa ngati vawelo chifukwa cha kamvekedwe kake. Akawerengedwa ngati konsonanti amawonjezera 7, chiwerengero chimafika 89 ndipo yankho limakhala 8. Munthu mmodzi watuluka ndi mayankho awiri chifukwa cha lembo limodzi, zimene sizingachitike ndi manambala ochokera m'deti ngati detilo ndi lodziwika.

Mavuto ake ku Malawi

Tebulo la zilembo linapangidwira Chingelezi, ndipo limawerenga zimene zalembedwa, osati zimene zimamveka. Dzina la Mughese, dera la kumapiri a Misuku m'boma la Chitipa, lili ndi "gh" amene amatchulidwa ngati liwu limodzi, koma tebulo limamuwerenga ngati G ndi H padera: 4 + 7 + 8 + 1 = 20, kupereka 2. Zilembo monga ŵ ndi ng' zilibe malo ake patebulopo. Chinanso, L ndi 3 pomwe R ndi 9, choncho mlembi akalemba Chilwa m'malo mwa Chirwa, nambala ya umunthu imasintha.

Nawonso madeti ali ndi vuto lake, poti achikulire ambiri anabadwa kulembetsa ana kusanafale. Deti lovomerezeka la Hastings Kamuzu Banda linali 14 Meyi 1906, koma olemba mbiri ambiri amati anabadwa cha m'ma 1898. Tsikulo likasungidwa, nambala ya tsiku lobadwa imakhalabe 14 kapena 5, pomwe nambala ya njira ya moyo imachoka pa 8 kupita pa 9.